Ofa ya ngongole ya nyumba yabwera, ndithandizeni kuiwerenga ndisanasayine

Amake Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi nkhani ndipo ndikufuna maso ambiri. Banki yatitumizira ofa ya mogeji, masamba 11, atipatsa masiku 30 kuti tisayine ndiye apita kale 9. Manambala ndawazunguliza pang'ono kuti asavute kuwerenga. Nyumba tinagwirizana ndi mwini wake pa 200,000. Ife tinasunga 20,000 ya dipoziti poti anatiuza kuti banki imapereka 90%, ndiye mmutu mwathu timadziwa kuti loni ikhala 180,000. Koma mu ofamu alemba 166,500 ndipo pansi pake alembabe kuti 90%. Ndawerengetsa kangapo, 90% ya 200,000 siikutuluka 166,500 ayi. Kodi alakwitsa kulemba? Chiwongoladzanja alemba 9% chokhazikika zaka 3, ngongole yonse ya zaka 20, pamwezi 1,498. Pali ndime inanso ya chindapusa ukabweza msanga yomwe sindikuimvetsa bwino. Bambo akunyumba akuti tingosayina poti tadikira nthawi yaitali koma ine mtima sukundilola

Limbani: Mayi imeneyo ndi mistake ya kompyuta basi, pitani mawa akakukonzereni. Zimachitika

A Mbewe: Limbani dikira kaye. Amake Tadala musanapite kulikonse tayang'anani pa tsamba loyamba kapena lachiwiri, pamene alemba za nyumbayo. Payenera kukhala manambala awiri, mtengo womwe mukugulira ndi mtengo womwe woyeza nyumba wa banki wapeza. Tandiuzeni wachiwiriwo. Ndikuganiza kuti ndikuudziwa kale, 185,000.

Amake Tadala: Eee a Mbewe ndi momwemodi 185,000!! Mwadziwa bwanji. Ine ndinaiona nambala imeneyo koma ndimayesa ndi ya inshulansi

A Mbewe: Ndangotenga 166,500 nkugawa ndi 0.9. Palibe chomwe alakwitsa mayi. Ndinagwira ntchito ya maloni a nyumba zaka zambiri ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amadzidzimukira. Banki ikamati 90% siitanthauza 90% ya mtengo womwe inu mwagwirizana ndi wogulitsa. Imatenga mtengo wogulira ndi mtengo wa valuweshoni nkusankha wochepa pa awiriwo. Chifukwa chake nchakuti nyumbayo ndi chikole chawo, inu mutalephera kubweza iwo adzaigulitsa, ndiye amafuna kudziwa kuti ingagulidwe zingati pamsika, osati zomwe inu mwavomera kulipira chifukwa mwaikonda. Woyeza wanena 185,000, iwo apereka 90% ya imeneyo. Tsono wogulitsa akufunabe 200,000 yake. Chotsani 166,500 pa 200,000 mutsala ndi 33,500. Imeneyo ndiye dipoziti yanu yeniyeni tsopano, osati 20,000. Mukupelewera 13,500.

Amake Tadala: Mayo ine. Ndiye tikanasayina tikanazindikira liti zimenezi?

A Mbewe: Tsiku lomwe loya akanakulemberani kuti tumizani gawo lanu kuti timalize kulipira wogulitsa. Nthawi imeneyo mwalipira kale zolipira zina zambiri.

Chikondi: Koma ine ndikuona ngati ndi nkhani yabwino imeneyi. Loni yachepa ndiye kuti pamwezi mulipira zochepa komanso intelesiti yochepa. Komanso valuweshoni ikatsika mesa ndiye kuti mtengo wa nyumba watsika, wogulitsa akuyenera kutsatira zomwe banki yanena

A Mbewe: Chikondi theka loyambalo ndi zoona, ngongole yochepa intelesiti yochepa, bola munthu akhale nayo 13,500 yoonjezerayo mthumba. Theka lachiwirilo ayi. Wogulitsa sanapangane kanthu ndi banki, lipoti la woyeza silimumanga. Atha kunena kuti mtengo wanga ndi womwewo, ngati mulibe ndigulitsa kwa wina. Chomwe lipotilo limachita ndi kukupatsani poyambira kukambirana, chifukwa wogula wina aliyense wodalira loni akakumananso ndi nambala yofanana ndi imeneyo kapena yoyandikira, ndipo wogulitsa wanzeru amadziwa zimenezo.

Anabanda: Amake Tadala pepani ndilowererepo ndi zanga. Ife zinatichitikira zofananako koma kwathu sinali valuweshoni, inali fizi yokonzera loni. Mu ofa analemba 1% ndiye ife timaganiza tidzalipira patokha nthawi ina, osadziwa kuti amadula pa loni pomwepo ndalama isanapite kwa loya. Tsiku lomaliza ndalama yofika kwa wogulitsa inapelewera ndipo tinathamanga usiku wonse kuimbira abale, sindidzaiwala manyazi ake, wogulitsa atakhala pampando akudikira ife tikungoyang'ana mafoni. Ndiye taonani ngati yanuyo amadula pa loni kapena amaphatikiza pamwamba kapena mumalipira padera, njira zitatu zonsezo zilipo

Amake Tadala: Anabanda zikomo, ndapeza tsamba 4. Fizi 1%, ndipo alemba kuti idzachotsedwa pa ndalama yotulutsidwa. Ndiye kuti 1,665 eti? Ndiye yofika kwa wogulitsa ndi 164,835. Ndiye ife tipeze 35,165. Mutu wayamba kuwawa

Malume Gama: Ana inu nkhani ya dipoziti ndi yosavuta. Mukamatuluka mnyumba amakubwezerani bola musaononge makoma ndi zitseko. Jambulani zithunzi tsiku lolowa, ine ndinapulumukira zithunzi

Chikondi: Malume iyi si ya lendi, akugula nyumba pa ngongole ya banki

Malume Gama: Oooh pepani ndinawerenga mothamanga. Pitirizani ndikumvetsera nawo, mwana wanga wamkulu akuganizanso zomwezi

A Mbewe: Koma malume mosadziwa mwakhudza funso lofunika. Amake Tadala, pa 20,000 yanu ija mwapereka kale ina kwa wogulitsa? Ndipo munasayinirana chiyani?

Amake Tadala: Tinapereka 5,000 kuti asagulitse kwa wina. Tinasayinirana pepala la mgwirizano wogula, lili ndi loya

A Mbewe: Ndiye mawa mmawa chinthu choyamba imbirani loyayo akuwerengereni ndime yonena za loni. Mapangano ena amati ngati banki yakana kapena yapereka yochepa kuposa ndalama yakuti, wogula atha kutuluka nkubwezeredwa zake. Ena amangoti ngati banki yakana basi. Kusiyana kwake nkwakukulu kwa inu, chifukwa banki sinakukanireni, yakupatsani koma yochepa. Mawu enieni a ndime imeneyo ndi omwe anganene ngati 5,000 yanu ili pabwino. Ofa ya banki musaiwerenge payokha, iikeni pambali pa pepala logulira nyumba, muone kuti mtengo, nambala ya puloti, mayina anu ndi masiku zikugwirizana. Ndinaonapo ofa ikutha masiku ake mapepala a umwini asanakonzeke, anthu nkuyambiranso kupempha pa reti ina.

Limbani: Nanga osangokongola 15,000 yopelewerayo kwina, loni yaifupi, nkhani yatha

A Mbewe: Limbani banki inavomera 1,498 pamwezi itayang'ana malipiro awo ndi ngongole zomwe ali nazo panopa. Ma ofa ambiri amakhala ndi ndime yoti ukasintha zachuma chako ndalama isanatuluke uyenera kuwauza, ndipo atha kuichotsa ofayo. Ambiri amafunsanso komwe dipoziti yachokera. Kubisa ndi kunama pa pepala lomwe wasayina. Komanso taganiza, loni yaifupi reti yake imakhala yokwera kuposa ya nyumba, ndiye miyezi yoyambirira yomwe munthu uli ndi zogula zambiri ukulipira ngongole ziwiri.

Limbani: Ok ndamva. Ndimangoganiza zowathandiza asataye nyumba

Chikondi: Ine funso langa lili pa 1,498. Ndawerengetsa pano, 9% kwa zaka 20 ndi 180%, ndiye 166,500 kuphatikiza 180% yake nkugawa ndi miyezi 240 ikutuluka cha mma 1,942. Ndiye mwina banki yalemba yochepa dala kuti akopeke kenako adzawakweze

A Mbewe: Ayi 1,498 ili bwino, ndaiyesa. Iwe wawerengetsa ngati intelesiti imakhala pa ndalama yonse yoyambirira mpaka kumapeto. Pa mogeji yotereyi imawerengedwa pa balansi yotsala mwezi uliwonse. Mwezi woyamba 9% ya 166,500 kugawa ndi 12 ndi pafupifupi 1,249, imeneyo ndi intelesiti, ndiye pa 1,498 yomwe alipira ndi 249 yokha yomwe yadula ngongole. Mwezi wotsatira balansi yatsika pang'ono, intelesiti yatsika pang'ono, gawo lodula ngongole lakwera pang'ono, choncho mpaka kumapeto. Koma pomwe wanena kuti adzawakweza uli ndi mfundo, kungoti si mwachinyengo, zalembedwa mu ofa momwemo. Amake Tadala tawerengani chomwe chichitike zaka 3 zikatha.

Amake Tadala: Alemba kuti ikatha miyezi 36 chiwongoladzanja chidzakhala besi reti ya banki kuphatikiza 3%. Pena alemba kuti besi reti panopa ndi 9%. Ine ndimaona 9% kuwiri konseko nkumaganiza ndi chinthu chimodzi

A Mbewe: Ndi zinthu ziwiri. 9% yoyamba ndi yomwe mulipire zaka 3. Yachiwiri ndi poyambira chabe, pamwamba pake aikapo 3, ndiye kuti zinthu zitakhala mmene zilili lero, mwezi wa 37 mudzakhala pa 12%. Tiyeni tione ndalama yake. Pa zaka 3 mudzakhala mutalipira pafupifupi 53,900 koma ngongole idzangotsika ndi 10,300 basi, balansi cha mma 156,200. Imeneyo pa 12% kwa zaka 17 zotsala ndi pafupifupi 1,800 pamwezi. Ndiye kuchoka pa 1,498 kufika 1,800 popanda chilichonse chosintha pa dziko. Besi reti itakwera ndi 2 mufika 14%, pamwezi cha mma 2,010. Itatsika inunso mutsika nawo, mbali imeneyo iliponso. Koma ine ndimauza anthu kuti musadzifunse ngati mungakwanitse 1,498, dzifunseni ngati mungakwanitse 2,010 ana ali pasukulu. Ngati yankho ndi ayi ndiye kuti nyumbayo mukuikwanitsa zaka 3 zokha.

Anabanda: Apa ndiye zoona zenizeni. Ife kalata yokweza inabwera tisanakonzeke ndipo miyezi inayi yoyamba tinavutika kwambiri

Chikondi: Ndiye bola kungotenga yosinthasintha kuyambira pachiyambi, poti fikisidi ndi nyambo chabe

A Mbewe: Sindingatero mwachisawawa. Zaka 3 zodziwa ndendende zomwe ulipire ndi chinthu cha phindu, makamaka kwa anthu omwe dipoziti yawakolopa ngati awa. Funso ndi lakuti zikatha zaka 3 muli omasuka kuchoka kapena kukambirananso? Apa ndi pomwe ndime ya chindapusa ija ikulowera. Amake Tadala ilembeni yonse mmene ilili, musafupikitse.

Chinanso mufunse, besi reti imeneyo amaiika ndani. Pali ina yomwe imatsatira reti yolengezedwa poyera yomwe aliyense atha kuiona, pali ina yomwe banki imasintha yokha ikafuna. Ndipo muone ngati 3 yoonjezerayo ndi yokhoma moyo wonse wa loni kapena alemba kuti atha kuisinthanso.

Amake Tadala: Za besi reti alemba kuti ndi yomwe banki imalengeza nthawi ndi nthawi, za 3% sananene kuti isintha. Ndifunsa. Ndime ya chindapusa ili tsamba 7, ikuti munthu atha kulipira zoonjezera mpaka 10% ya balansi pachaka popanda chindapusa. Kupitirira apo chindapusa ndi 3% chaka choyamba ndi chachiwiri, 2% chaka chachitatu, 1% chaka chachinayi ndi chachisanu. Nkhawa yanga ndi yakuti bambo akunyumba kontrakiti yawo ya ntchito ikutha pakatha chaka ndi theka ndipo alandira ndalama yotsazikira pafupifupi 40,000, timafuna yonseyo tidzaponye ku loni. Ndiye atilipitsa chifukwa chobweza ndalama yawo yomwe??

Malume Gama: Chindapusa ndi cha ochedwa kulipira mwana wanga, wolipira msanga amamuthokoza. Werenganinso bwino

Amake Tadala: Malume nanenso ndimaganiza choncho koma cha ochedwa chili pachokha tsamba 8. Ichi ndi cha ofulumira ndithu

A Mbewe: Chilipo malume. Banki ikakulonjezani 9% yosasuntha kwa zaka 3 nayonso imakhala itakonza komwe itenge ndalamayo ndi phindu lomwe ikuyembekeza pa nthawi imeneyo. Mukabweza msanga phindu lija lapita, ndipo ngati mareti atsika ndalama yobwezedwayo aibwereketsa pa mtengo wotsika. Chindapusacho ndi chotsekera dzenje limenelo. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, kwina amachiikira malire, ndiye loya wanu akuuzeni za komwe muli.

Tsono pa 40,000 yanuyo musachite mantha, tiyeni tiwerengetse. Chaka choyamba chikatha balansi idzakhala cha mma 163,400, ndiye 10% yaulere ndi pafupifupi 16,300. Yotsala pa 40,000 ndi 23,700. Chindapusa 3% ya 23,700 ndi 711. Tsopano onani mbali inayi, 23,700 yomweyo ikakhala mu ngongole ikukudyerani intelesiti pafupifupi 178 mwezi uliwonse. Ndiye pa miyezi inayi yokha 711 ija yabwerera. Anthu ambiri akamva mawu oti chindapusa amangoisunga ndalama kudikira kuti nthawi yake ithe, osadziwa kuti kudikirako kukuwadyera zambiri kuposa chindapusacho. Pokhapokha ngati muli ndi poisunga pomwe ikubala pafupi ndi 9% mutachotsa msonkho, apo mutha kudikira nkumaponya 10% chaka chilichonse.

Amake Tadala: Aaa ndiye si zoopsa mmene ndimaganizira

A Mbewe: Pa 40,000 si zoopsa, koma mufunse zinthu ziwiri akuyankheni polemba. Choyamba, mukapitirira 10% chindapusa chimagwa pa yopitirirayo yokha kapena pa ndalama yonse yomwe mwaponya? Ngati ndi yonse ndiye 3% ya 40,000 ndi 1,200 osati 711. Chachiwiri, chaka amachiwerenga kuyambira Januwale kapena kuyambira tsiku lomwe loni inatuluka? Mukadziwa tsiku lomwe chaka chimatembenuka mutha kugawa ndalamayo pawiri, ina sabata isanafike ina sabata itadutsa, nkugwiritsa ntchito 10% kawiri.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ine si 40,000 ayi. Ndi zaka. Reti yokhazikika ndi ya zaka 3 koma chindapusa ndi cha zaka 5. Mwaiona mbali imeneyo? Mwezi wa 37 reti yalumphira pa 12%, inu mukufuna kusamutsira ngongole ku banki ina yomwe ikupereka yotsikirapo, koma chitseko nchokhomabe zaka zina ziwiri. Kutuluka ndi 1% ya 156,200, pafupifupi 1,560, osawerengera valuweshoni yatsopano, loya ndi fizi ya banki inayo. Chifukwa chomwe ndafotokozera malume chija chimagwira nthawi ya reti yokhazikika. Ikatha nthawi imeneyo banki sikutayanso chimodzimodzi, ndiye zaka ziwiri zoonjezerazo ntchito yake ndi kukugwirani basi. Ine ndikanakhala inu apa ndi pomwe ndikanalimbikira, kuti chindapusa chithere limodzi ndi miyezi 36.

Limbani: Kodi banki imasintha zomwe yalemba kale? Ine ndimadziwa kuti ofa ndi ofa, utenge kapena usiye

Anabanda: Ife tinapempha atichotsere fizi ina anakana kwamtuwagalu, anati sisitimu siilola. Ndiye ine sindikhulupirira kwenikweni zokambirana ndi banki

A Mbewe: Zimatengera. Pali zinthu zomwe ofisala wa pa desiki sangazikhudze ndipo akamati sisitimu siilola nthawi zina akunena zoona. Koma kawirikawiri banki imakhala ndi mitundu ingapo ya loni yomweyo, wina reti yotsika chindapusa chachitali, wina reti yokwererapo pang'ono chindapusa chachifupi kapena wopanda. Ndiye mmalo mopempha kuti afufute ndime, funsani kuti muli ndi mtundu wina womwe chindapusa chimatha ndi nthawi yokhazikika, ndipo reti yake ndi zingati? Akakupatsani muyerekeze. Sindikulonjeza kuti avomera Anabanda, ndinaona ena akupatsidwa ena akukanizidwa. Kukhala ndi ofa ya banki ina mmanja kumathandiza kwambiri.

Chikondi: Ine ndikuonabe kuti 1,560 si ndalama yoti munthu ataye nayo nyumba. Ngati banki ina ikupereka 10.5% mmalo mwa 12% ndiye pachaka wapulumutsa cha mma 2,300, chindapusa chabwerera chaka chisanathe. Ndiye olo akane asayine basi

A Mbewe: Masamu ako ali bwino Chikondi ndipo sindikutsutsa kuti payokha ndime imeneyi siingagwetse nkhani yonse. Kungoti ukudalira kuti banki ina idzawalandira. Kumbuka agula pa 200,000 nyumba yoyezedwa 185,000. Pakatha zaka 3, akapanda kuponya 40,000 ija, ngongole ndi 156,200 pa nyumba ya 185,000, ndiye kuti 84% ya mtengo wake, ndipo mitengo ya nyumba itatsika pang'ono chabe abwerera ku 90% kapena kupitirira, apo mabanki ena sangawafune kapena awapatsa reti yoipa. Zinthu zinayizi zimakokana, valuweshoni imakoka dipoziti, dipoziti imakoka reti yomwe ungapeze, reti imakupangitsa kufuna kuchoka, chindapusa chimakuletsa.

Chikondi: Koma akaponya 40,000 ija vuto limenelo palibe

A Mbewe: Akaponya inde. Koma ndalama imeneyo ikubwera chifukwa ntchito ya bambo ikutha. Amake Tadala pepani kufunsa, kontrakiti ikatha pali ina yotsimikizika? Chifukwa ndalama yomwe mwaponya ku mogeji kawirikawiri simungaitengenso mukapanikizika, pokhapokha ofa itanena kuti ndi zotheka. Ndipo mukamaponya muwauze polemba kuti idule ngongole yeniyeni, komanso musankhe ngati mukufuna ichepetse zaka kapena ichepetse ya pamwezi. Kwa banja lomwe malipiro amodzi atha kuima, kuchepetsa ya pamwezi ndi kusungako ina pambali kungakhale kwanzeru kuposa kuponya yonse.

Amake Tadala: Amawaonjezera kawirikawiri koma chotsimikizika palibe. Zimenezo tikambirana kunyumba, sindinaziganizire mbali imeneyo. Funso lina, valuweshoniyo sitingaitsutse? Nyumba ina msewu womwewo akuitsatsa 210,000

A Mbewe: Mutha kupempha aionenso koma mtengo wotsatsira suwerengedwa, woyeza amayang'ana nyumba zofanana zomwe zagulidwadi posachedwa ndi mtengo womwe zinagulidwira. Pemphani kope la lipoti ngati amapereka. Muone ngati kukula kwa nyumba ndi puloti alemba molondola, chiwerengero cha zipinda, ndiponso ngati pali chomwe wachotsera mtengo monga denga lodontha, ming'alu, kapena chipinda chomwe chinaonjezeredwa popanda pulani yovomerezeka. Cholakwika chooneka ngati chimenecho amakonza. Kungonena kuti ife tikuona ngati ndi yodula kuposa apo sizisuntha kanthu. Komanso malipoti ena amakhala ndi manambala atatu, mtengo wa pamsika, mtengo woigulitsa mwachangu mokakamizidwa, ndi mtengo woimanganso ikapsa womwe ndi wa inshulansi. Tsimikizani kuti 185,000 ndi wa pamsika. Ndipo mayi, ganiziraninso kuti mwina woyezayo akunena zoona ndipo inu mukulipira 15,000 yopitirira.

Malume Gama: Apo a Mbewe mwanena. Ine ndikanapita ndi pepala limenelo kwa mwini nyumba ndisanapite ku banki

Limbani: Mwini nyumba akakwiya nkugulitsa kwa wa kashi ndiye ataya zonse malume

Malume Gama: Wa kashiyo akanakhalapo bwenzi atagula kale

Amake Tadala: Moni nonse ndabweranso, papita masiku anayi. Loya wati ndime yathu ikunena kuti tikalephera kupeza loni yosachepera 180,000 titha kutuluka ndipo 5,000 ibwezedwa, koma tiyenera kudziwitsa wogulitsa polemba lisanafike tsiku lomwe lili mu mgwirizano, latsala sabata ndi masiku awiri. Lipoti la valuweshoni tapatsidwa, 185,000 ndi wa pamsika ndithu, ndipo woyeza analemba kuti denga la mbali ya kukhitchini likufunika kukonzedwa, ife sitinalione nkomwe. Tinapita nalo kwa mwini nyumba, poyamba anakana koma dzulo waimba kuti atha kutsika kufika 193,000 osapitirira apo. Ku banki ayankha pa imelo kuti chindapusa chimagwa pa yopitirira 10% yokha ndipo chaka chimayambira tsiku lotulutsa loni. Za mtundu wina wa loni wa chindapusa cha zaka 3 akuti afunsa akuluakulu, sanayankhebe

Chikondi: Ndiye mtengo watsika loni isinthanso eti, 90% ya 193,000

A Mbewe: Ayi ikhalabe 166,500 chifukwa 193,000 ikadali pamwamba pa 185,000, amatengabe wochepa uja. Koma banki iuzidwe za mtengo watsopano kuti ofa ilembedwenso molondola, musasayine yomwe ili ndi 200,000. Ndiye gawo lanu ndi 26,500 kuphatikiza fizi 1,665, zonse 28,165. Mwapereka kale 5,000, muli ndi 15,000, mukupelewera 8,165, ndipo apo sitinaike loya, msonkho wosinthira umwini ngati ulipo kwanuko, inshulansi ndi denga lija. Taonaninso mu ofa ngati sanaike lamulo loti denga likonzedwe kaye kapena kuti agwirako ndalama ina mpaka litakonzedwa, amatero nthawi zina lipoti likatchula chowonongeka.

Amake Tadala: Ndayang'ana, za denga mu ofa mulibe. 8,165 achemwali anga akuti atha kutipatsako 5,000 ngati mphatso, yotsalayo ndi zolipira zinazo sitinadziwe. Bambo akuti tiyesenso kwa mwini nyumba pa 190,000 poti denga tikonza ndife, ine ndikuopa kumukankha kwambiri

Anabanda: Mufunseni mmisiri akupatseni mtengo wa dengalo polemba ndiye mupite nawo, munthu amamva msanga akaona pepala kusiyana ndi pakamwa

A Mbewe: Ndipo ya achemwaliyo banki itha kufuna kalata yosayinidwa yonena kuti ndi mphatso osati ngongole, afunseni ali ndi fomu yake. Tsiku la loya lija mulilembe penapake pooneka, limenelo ndi lomwe layandikira kuposa la ofa. Ngati pofika masiku awiri lisanakwane nkhani ya mtengo isanathe, loya alembere wogulitsa kupempha kuti tsikulo lisunthidwe, ndipo avomere polemba.

Amake Tadala: Mmisiri abwera Loweruka mmawa. Ku banki ndiimbanso mawa za chindapusa cha zaka 3 chija ndi fomu ya mphatso

Malume Gama: A Mbewe mwana wanga uja akuti ofa yake ikabwera kodi angakutumizireni tsamba la chindapusa lokha kapena mukufuna onse

A Mbewe: Onse malume, ndi pepala logulira nyumba lomwe. Afufute mayina ndi manambala a akaunti kaye.